Mphindi Zisanu Pabwalo la Mfumu

Mudzi ukamalandira mlangizi watsopano wa zaumoyo sipakhala mwambo waukulu. A mfumu amatuma nduna yawo kuti imeme anthu chakumadzulo, m'mawa mwake anthu n'kusonkhana pabwalo, abambo pamipando ndi pamizu ya mtengo, amayi pansi cha uko atayala zitenje, ana ali kumsana. Kawirikawiri nkhani ya mlendoyu si yokhayo imene aitanirana. Pali za mjigo umene unawonongeka, za njerwa za kusukulu, mwinanso za mbuzi zimene zikulowa m'madimba. Mlangiziyo amangopatsidwa mphindi zisanu kapena zocheperapo kuti anene kuti iye ndi yani.

Ndi nthawi yochepa, koma anthu amatola zambiri m'mphindi zimenezo. Zimene anganene zidzabwerezedwa kumjigo ndi kuchigayo kwa masabata angapo, ndipo zimene angalonjeze adzazifunsidwa ngakhale patapita chaka. Mawu odzidziwitsawo anthu amawatenga ngati pangano, ndipo mlangizi wanzeru amawakonza podziwa zimenezo.

Anthu amenewa boma limawatchula kuti ma HSA, ndipo amadziwika ndi yunifolomu yawo ya mtundu wa mtambo. Ntchito yawo ndi yakale. Inayamba ndi anthu olembedwa mongoyembekezera kuti azibaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960. Kolera itabuka mu 1973 boma linatenganso anthu otere kuti athandize kulimbana nayo, ndipo pang'onopang'ono ntchitoyo inakhazikika n'kukula. Lero mlangizi amayeza ana kusikelo, amabaya katemera, amayendera zimbudzi ndi zitsime, amatsata odwala chifuwa chachikulu, ndipo ambiri amaperekanso njira zolera. Cholinga cha Unduna wa Zaumoyo n'chakuti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000, koma m'madera ambiri mmodzi amasenza ochuluka kuposa pamenepo.

Mlendo sadzilowetsa yekha pabwalo. Tsiku la msonkhano lisanafike, mlangiziyo amayenera kukhala atakaonekera kale kwa a gulupu ndi kwa nyakwawa za midzi imene wapatsidwa, ataperekezedwa ndi mkulu wa alangizi wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Pamsonkhanopo pamayamba pemphero, kenako a mfumu kapena nduna yawo amalonjera anthu, wakuchipatala uja n'kunena kuti uyu tamubweretsa ndife. Mlendoyo amaimirira pomaliza. Dongosolo limeneli ena amaliona ngati kutaya nthawi, koma ndi limene limayankha funso loyamba limene lili mumtima mwa aliyense wokhala pansiyo: munthuyu wamutuma ndani, ndipo akalakwitsa tidzakadandaula kwa yani?

Kufunika kwa funso limeneli kunaoneka poyera mu 2017. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala chaka chimenecho mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi maboma oyandikana nawo. Anthu angapo anaphedwa pongowaganizira, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'deralo, ndipo ogwira ntchito zachipatala ena anachitidwa chipongwe chifukwa cha zida zimene ananyamula. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inabweranso ndi mabodza akuti achipatala ndiwo akufalitsa matendawo. Tsopano ganizirani munthu wachilendo amene ntchito yake ndi kulowa pakhomo ndi pakhomo, kulemba mayina, kuboola mwana chala kuti atenge kadontho ka magazi, ndi kuthira mankhwala m'madzi akumwa. Munthu wotere akayamba ntchito anthu asanamuone ataima pambali pa mfumu yawo, waika moyo wake pangozi, ndipo waikanso pangozi ana amene makolo awo adzawabisa tsiku la katemera.

Tiyerekeze mayi wina wachitsikana, wangomaliza kumene maphunziro, watumizidwa ku midzi inayi imene ili pa mtunda wa makilomita 12 kuchokera kuchipatala, kutsidya la mtsinje umene umadzaza nthawi ya dzinja. Wavala chitenje pamwamba pa yunifolomu. Amupatsa mpata, wawomba m'manja kulunjika kwa a mfumu, wanyonyomala pang'ono. Mawu okonzedwa bwino akhoza kumveka chonchi:

"Zikomo a gulupu, mafumu onse, a mipingo, a komiti ya zaumoyo, amayi ndi abambo. Ine ndine Naphiri, kwathu ndi ku Ntcheu. Boma landituma kuno kudzera kuchipatala chathu chija, kudzalowa m'malo mwa bambo amene anasamuka aja. Ndine mlangizi wa zaumoyo, si ine dokotala. Ndizigona konkuno, m'nyumba imene a mfumu andipezera kuseri kwa tchalitchi. Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa ndiziona ana odwala, kuyambira wa miyezi iwiri kufikira wosakwana zaka zisanu: malungo, kutsegula m'mimba, chifuwa ndi maso ofiira. Mwana akadwala tsiku lina kapena usiku, gogodani, musadikire Lachiwiri. Akuluakulu mankhwala anu ine ndilibe, inu ndi kuchipatala. Sikelo ndi Lachinayi loyamba la mwezi, pansi pa mtengo uno, musaiwale kabuku ka mwana. Zonsezi n'zaulere. Sabata yamawa ndiyamba kuyenda m'makomo ndi a komiti, kulemba anthu a pabanja lililonse ndi kuona zimbudzi. Kulembako si kwa makuponi kapena chimanga, n'kofuna kudziwa kuti ana ofunika katemera alipo angati. Zimene mungandiuze panokha zithera pakati pa inu ndi ine. Ndikalakwitsa, auzeni a mfumu kapena a komiti. Ndine mwana wanu, mundilangize. Zikomo."

Mawu onsewa satha mphindi zitatu, koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake.

Kutchula mfunda ndi kwawo si kudzikometsera. Kumudzi munthu amadziwika ndi kumene achokera, ndipo pabwalo lililonse sipalephera kupezeka a Phiri amene anene kuti uyu ndi mlongo wathu, kapena gogo amene mwana wake anakwatira ku Ntcheu. Mlendo wapeza kale pogwira. Koma za masatifiketi anthu safuna kumva zambiri. Mlangizi amene amayamba ndi kundandalika masukulu amene anapitako, n'kumasakaniza Chingerezi pa mawu atatu alionse, amaoneka ngati wabwera kudzadzionetsa, ndipo amayi amene akanabwera kwa iye ndi mavuto awo amayamba kumuopa. Ngati deralo anthu ake amalankhula Chiyao, Chisena, Chilomwe kapena Chitumbuka ndipo iye sachidziwa, ndi bwino anene poyera, apereke moni m'chilankhulocho, n'kupempha wa komiti mmodzi kuti azimuthandiza kumasulira.

Chiganizo chovuta kuchinena ndi chija chakuti "si ine dokotala". M'midzi yambiri mlangizi amaitanidwa kuti adokotala, ndipo dzinalo limakoma m'khutu. Kuliletsa sikutheka, anthu adzaitanabe choncho mwaulemu. Chimene chimatheka ndi kunena tsiku loyamba lomwelo pamene mphamvu zake zathera. Kwa zaka zambiri maphunziro oyambira a mlangizi anali a masabata 12 okha kwa munthu wa satifiketi ya Fomu 4, kuwonjezerapo masiku ochepa ophunzira kuthandiza ana odwala. Makiliniki a m'midzi, amene anayamba mu 2008 m'madera akutali ndi chipatala, anakonzedwera matenda ochepa amene amapha ana ambiri. M'bokosi la mlangizi mumakhala zoyezera malungo, LA, Thanzi ndi zinki za mwana wotsegula m'mimba, amokisilini wa chibayo, panado, ndi mankhwala a m'maso. Za shuga, kuthamanga kwa magazi kapena kubereketsa mulibemo.

Mlangizi akapanda kunena zimenezi, zimene zimachitika n'zodziwika. Bambo wodwala nyamakazi amabwera kudzafuna jekiseni, akamukaniza n'kumakauza anzake kuti mayiyu ndi wouma mtima, mankhwala akugulitsa. Choopsa kwambiri ndi cha mwana. Banja limene likukhulupirira kuti dokotala ali m'mudzi momwemo limatha kugona ndi mwana amene akukomoka, n'kumadikira kuti kuche, pamene likanayenera kubwereka njinga usiku womwewo. N'chifukwa chake mlangizi wabwino, akapatsidwa mphindi imodzi yowonjezera, amaigwiritsa ntchito kutchula zizindikiro zimene sizidikira: mwana akukomoka, akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, walefuka moti sakudzuka, kapena pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma. Mwana wotere, komanso khanda losakwana miyezi iwiri likadwala, iye amangopereka chithandizo choyamba ngati chilipo, n'kulemba kalata yopita nayo kuchipatala. Makolo amene anamva zimenezi pabwalo sadabwa akatumizidwa. Amene sanamve amaona ngati awakana.

Kenako pali nkhani ya pogona, imene anthu amaitchera khutu kuposa zina zonse. Alangizi ambiri sakhala m'dera limene amagwira ntchito. Ena amasowa nyumba yabwino, ena ali ndi banja pafupi ndi msika kapena ana kusukulu ya kutali, ndiye amapalasa njinga kubwera m'mawa n'kubwerera masana. Anthu akumudzi zimenezi anaziona kale kangapo, ndipo paja amati mlendo ndi mame. Akamaona nkhope yatsopano amakhala akuwerenga mumtima kuti uyu atha miyezi ingati. Malungo a mwana sasankha tsiku, amakonda kukula usiku, ndipo mwana wa malungo amafunika kuyamba mankhwala pasanathe maola 24. Mlangizi wogona makilomita 12 kutali sangathandize pa zimenezo.

Pamenepa chilungamo chimaposa kukondweretsa anthu. Ngati nyumba sinapezeke, anene kuti pakali pano ndikugona kumsika, ndizifika masiku akutiakuti nthawi yakuti, ndipo nyumba ikapezeka ndisamukira kuno. Kunena choncho kumaika nkhani ya nyumbayo m'manja mwa a mfumu ndi anthu awo, ndipo pali midzi imene inaumba njerwa n'kumangira mlangizi wawo nyumba ndi kachipinda koonera odwala. Koma amene amati "ndizipezeka nthawi zonse" akudziwa kuti Lachisanu lililonse amapita kwawo, wadziikira yekha msampha. Mayi mmodzi akangoyenda ndi mwana wotentha thupi n'kupeza chitseko chokhoma, mudzi wonse umadziwa dzuwa lisanalowe.

Masiku amene angatchule nawonso asawatole m'mutu. Afunse kaye a komiti kuti msika wa m'deralo umakhala liti, chifukwa tsiku la msika amayi sapezeka. Kumadera a Asilamu, monga mbali zambiri za Mangochi ndi Machinga, Lachisanu masana si nthawi yoitanira anthu, monganso Loweruka kumene kuli a Sabata ambiri. Nthawi yolima anthu amalawirira kumunda, amabwerako dzuwa litakwera. Ndipo aliyense amadziwa kuti m'mudzi mukagwa maliro zonse zimaima, choncho ndi bwino kugwirizaniratu kuti sikelo ikagundana ndi zovuta idzachitika tsiku liti. Katemera wa mwana amayenda ndi nthawi yake: pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, kenako wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Sikelo ya mwezi umodzi ikalephereka popanda tsiku lina, ana angapo amatsalira m'mbuyo nthawi imodzi.

Mawu akuti "zonsezi n'zaulere" ayenera kunenedwa mokweza, a mfumu akumva. Amateteza anthu kwa aliyense amene angafune kuwalipiritsa m'dzina la mlangizi, amatetezanso mlangiziyo. Mankhwala amatha. Mwezi wina LA amachedwa kufika, zoyezera malungo zimasowa, ndipo chinthu choyamba chimene anthu amaganiza n'chakuti zagulitsidwa kugolosale. M'madera ena bokosi la mankhwala limakhala ndi maloko awiri, kiyi mmodzi kwa mlangizi, wina kwa munthu wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kuti pasakhale wotsegula yekha. Kaya dongosolo limenelo lilipo kapena ayi, mlangizi amachita bwino kunena pabwalo kuti a komiti aziona mankhwala akafika ndi akatha. Komitiyi, imene imakhala ya anthu pafupifupi khumi osankhidwa ndi mudzi, ndi imene idzamuikire kumbuyo tsiku limene bokosi lidzakhale lopanda kanthu.

Chimene sayenera kuchita ngakhale pang'ono ndi kulonjeza zinthu zimene si iye amazigawa. Pa nthawi ya mafunso sipalephera kuimirira bambo wofunsa kuti masikito abwera liti, nanga mjigo wachiwiri, nanga ambulansi. Mlendo wofuna kukondedwa amayankha kuti "zimenezo musadandaule, zitheka". Iye amaiwala, koma wofunsayo saiwala. Masikito amagawidwa pa kampeni ya boma kapena kwa amayi oyembekezera kuchipatala, ndipo mjigo umadutsa ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya kwa mfumu yaikulu, mpaka kukhonsolo. Yankho loona ndi lakuti: "Zimenezo sizili m'manja mwanga. Ndikazinena kwa akuluakulu anga, ndipo pamsonkhano wotsatira ndidzakuuzani zimene andiyankha." Yankho lotere silikoma, koma likhoza kusungidwa.

Za kulemba mayina n'zofunika kuzifotokoza bwino kuposa mmene alangizi ambiri amachitira. Ntchito yoyamba ya mlangizi watsopano ndi kudziwa dera lake: mabanja alipo angati, ana osakwana chaka, osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera, makomo amene ali ndi chimbudzi, dzenje la zinyalala, thandala la mbale ndi mpondagiya wosambira m'manja. Ziwerengero zimenezi ndi zimene chipatala chimagwiritsa ntchito potumiza katemera ndi mankhwala. Koma kumudzi munthu wonyamula kaundula ndi cholembera amakumbutsa anthu za makuponi a feteleza, Mtukula Pakhomo ndi chimanga cha nthawi ya njala. Akapanda kumva cholinga, ena amawonjezera ana a abale awo kuti banja lioneke lalikulu, ziwerengero n'kusokonekera. Ena amadikira thandizo limene silidzabwera, ndipo patapita miyezi amati mayina athu anadyera. Enanso amakana kulembedwa poopa kuti mayina akupita kosadziwika. Chiganizo chimodzi chonenedwa pagulu chimatseka makomo atatu onsewa.

Lonjezo la chinsinsi limanenedwa mwachidule, ndipo pabwalo sipamveka woliyankha. Koma ena mwa amene akhala pansiwo amalimva kuposa mawu ena onse. Pali mayi amene akufuna jekiseni wolera wa miyezi itatu koma sanagwirizanebe ndi bambo a kunyumba. Pali bambo amene amakalandira ma ARV kuchipatala cha kutali dala kuti asakumane ndi odziwana nawo. Pali mtsikana amene sakudziwa woti amufunse. Anthu amenewa sabwera sabata yoyamba. Amayamba aona kuti mlangiziyu amacheza ndi ndani, amakhala pakhonde la ndani madzulo, ndipo ngati nkhani za odwala zimatuluka m'kamwa mwake. Pabwalopo asayerekeze kutchula matenda a munthu ngati chitsanzo, ngakhale osatchula dzina, chifukwa m'mudzi aliyense amadziwa kuti akunena za yani.

Palinso cholakwika chimene amachita makamaka achangu, amene angochoka kumaphunziro mitu ili yodzaza. Amasandutsa mawu odzidziwitsa kukhala chidzudzulo. Wadutsa m'mudzimo m'mawa, waona tchire ndi makomo opanda zimbudzi, ndiye akuyamba pomwepo kunena kuti anthu a kuno ndinu auve, ndipo amene alibe chimbudzi adzalipira chindapusa. Mwina zimene waonazo n'zoona. Koma wanyoza mudzi pamaso pa mwini wake, ndipo chindapusa si iye amagamula, ndi a mfumu ndi anthu awo pa malamulo amene anagwirizana. Chimodzimodzi kunyoza amene analipo kale, kapena azamba ndi asing'anga. Boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, koma amayi amenewa akadali olemekezeka, ndipo ndi iwo amene amayamba kudziwa kuti mtsikana wakuti ndi woyembekezera. Mlangizi amene wawachititsa manyazi pagulu wataya anthu amene akanamuthandiza kutumiza amayi kusikelo msanga.

Kuti mawuwo agwira kapena ayi, zimaoneka msanga. Kuwomba m'manja si umboni, chifukwa anthu a kwathu kuno amawombera mlendo aliyense mwaulemu. Umboni woyamba ndi mafunso. Akamafunsa kuti "mwati Lachinayi liti?" kapena "nanga mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi?", ndiye kuti amva ndipo akukonzekera kubwera. Akangoti zii, kapena mafunso onse akakhala a zolandira, uthenga sunafike. Umboni wachiwiri umabwera msonkhano utatha, pamene mayi wachikulire amamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti kunyumba kwakuti kuli mwana wotupa mapazi. Wachitatu ndi sikelo yoyamba: chiwerengero cha ana amene abwera achiyerekeze ndi cha m'kaundula amene anasiya mnzake uja.

Amene sanafike pamsonkhano nawonso ndi ambiri, ndipo kawirikawiri ndi omwe amafunika thandizo kwambiri: okalamba, olumala, mabanja okhala kumalire a mudzi, ndi a mipingo imene imakaniza mankhwala. Mawu omwewo mlangizi amayenera kuwabwereza kutchalitchi, kumzikiti, kusukulu ndi pakhomo lililonse limene angafike, osasintha masiku kapena malonjezo, chifukwa anthu amafananiza zimene anamva.

Anthu a m'mudzi nawonso ali ndi mbali yawo. Mlangizi watsopano akaima pabwalo lanu n'kuiwala zina mwa izi chifukwa cha mantha, mufunseni mwaulemu pomwepo: muzigona kuti, tizikupezani masiku ati, mumathandiza matenda ati, ndipo ndi ati amene tizithamangira nawo kuchipatala osakudikirani? Funsaninso a mfumu ngati komiti ya zaumoyo ilipo ndipo ikugwira ntchito, ndi ngati mudzi ungamupezere nyumba. Pa masiku amene iye kulibe, anthu akhoza kuimba ulere ku Chipatala cha pa Foni kuti alandire malangizo, koma mwana amene akukomoka kapena akukanika kuyamwa musamuimbire foni, nyamukani naye nthawi yomweyo.